Wamaliza mankhwala a TB koma anabere sanaphwe, pano akuti ndi sakoidosisi

Nachisale:
Moni nonse akuluakulu. Pepani ndilemba zambirimbiri, mutu waima. Mlongo wanga wamng'ono, wa zaka 36, wakhala akutsokomola kuyambira chaka chatha. Chifuwa chake n'chouma, makhololo satuluka kwenikweni, ndipo chimene amadandaula kwambiri ndi kutopa. Thupi silinatsike kwambiri, mwina makilogalamu awiri basi, thukuta la usiku palibe. HIV anayezetsa kawiri, alibe. Makhololo anachita kuwakakamiza kuti atuluke, anawayeza pa GeneXpert kawiri osapeza kanthu. Koma ekisileyi inaonetsa anabere otupa pakati pa chifuwa, mbali zonse ziwiri, ndiye anamuyambitsa mankhwala a TB. Wamwa miyezi 6 yonse osadumphitsa, mboni ndine chifukwa ndinkamuimbira foni m'mawa uliwonse. Atamujambulanso, anabere aja ali momwemo, ngati sanamwe kanthu.

Mwezi watha anamuchotsa kamwanabere kamene kanatupa m'munsi mwa khosi. Pepala la zotsatira lalembedwa chonchi:

`Non-caseating granulomatous inflammation. ZN stain: no AFB seen.`

Adokotala akuti ndi sakoidosisi, akufuna ayambe puledinisoloni, mankhwala ochepetsa kutupa. Koma msuweni wathu amene amagwira ntchito ya chipatala akuti giranuloma ndi TB basi, asayerekeze kumwa mankhwala amenewo. Timvere ndani?

Kamtedza:
Pepani kwambiri achemwali. Matenda amenewo anagwirapo malume anga, anatuluka zigamba zakuda m'miyendo ndi m'kamwa. Ndi khansa imeneyo, thamangirani kwa madokotala a khansa musanachedwe.

Gogo Nesi:
Ayi bambo Kamtedza, musawaopseze anzanu. Inu mukunena sakoma ya Kaposi, imeneyo ndi ina. Mayina okha ndiwo akufanana.

Dokotala Wamapapo:
Agogo anena zoona, sakoidosisi si khansa. Koma a Kamtedza sanasochere okha, dzinalo ndi limene limasocheretsa. Amene analipeka ndi Caesar Boeck, dokotala wa khungu wa ku Norway, m'chaka cha 1899, chifukwa zotupa zimene ankaziona pakhungu zinkaoneka ngati sakoma. Kufanana kwake kunathera pa maonekedwe pomwepo.

Mayi Nachisale, ndisanayankhe ndifunse kamodzi. Kamwanabere kaja anakaika m'botolo limodzi kapena awiri? Pepala la kalicha, kuyeza komeretsa tizilombo ku labu, munalandira?

Nachisale:
Botolo linali limodzi adokotala, ndinalinyamula ndekha kupita nalo ku labu. Munali madzi onunkha olasa m'maso. Pepala lina sitinalandire.

Wa ku Labu:
Ndiye fomalini ameneyo. Apa ndi pamene ife a ku labu timagwira pamutu. Fomalini amaumitsa mnofu bwinobwino kuti tiudule tizigawo topyapyala n'kuuona pa maikulosikopu, koma amapha chilichonse chamoyo chimene chili mkatimo. Kachilombo ka TB kakafa, simungakameretsenso pa kalicha. Choyenera chinali kudula kamwanabereko pawiri, theka mu fomalini, theka m'madzi a salayini kuti lipite ku GeneXpert ndi ku kalicha. Ndi ntchito ya mphindi imodzi m'chipinda cha opaleshoni, koma ikaiwalika wodwala amabwereranso pa mpeni.

Wophunzira Chaka Chachinayi:
Koma nkhaniyi ikuoneka yophweka. Ife tinaphunzira kuti giranuloma ya TB imakhala yowola pakati, ya sakoidosisi siwola. Pepalalo lanena kuti siyowola, tizilombo sitinaoneke, anabere ndi a mbali zonse ziwiri. Ndi sakoidosisi basi, ayambe mankhwala.

Dokotala Wamapapo:
Mwanawe, pa mayeso upeza malikisi onse ndi yankho limenelo, ndipo mwina pa wodwala uyu ukhala kuti walondola. Koma njira imene wadutsayo ndi yoterera. Tiyeni tiyambe ndi chifukwa chimene matenda awiriwa amapangira chinthu chofanana, chifukwa ukachimvetsa sudzakhulupiriranso pepala limodzi.

M'thupi muli maselo otchedwa makirofeji, ntchito yawo ndi kumeza zachilendo n'kuzigaya. Tizilombo tambiri timagayika msanga, nkhani n'kutha. Koma ka TB kali ndi khungu lokhuthala lamafuta, ndipo kamadziwa kuletsa selo limene lakameza kuti lisakagaye. Selo lija likaona kuti lameza chinthu chosagayika, limaitana maselo a chitetezo a mtundu wa CD4. Amenewa amatulutsa intaferoni gama, amene amapsetsa mtima makirofeji, ndipo makirofejiwo amatulutsa TNF amene amaitana anzawo ena n'kuwagwirizitsa pamodzi. Makirofeji amasintha maonekedwe, amathinana ngati njerwa, ena amaphatikana n'kukhala chiselo chimodzi chachikulu. Kunja kwake kumazungulira maselo ena a chitetezo. Kampanda kameneko ndiye giranuloma. Thupi likulephera kupha mdani, ndiye lamumangira mpanda.

Mu sakoidosisi amisiri ake ndi omwewo, njerwa zake ndi zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti ukasuzumira mumpandamo supezamo kachilombo kamoyo kamene ungakameretse. Thupi lamangira mpanda chinthu chimene mpaka lero sitinachigwire ndi manja. Ndiye giranuloma payokha si dzina la matenda, ndi kamangidwe chabe. Mafangasi monga hisitopulazima amaipanganso, fumbi la beriliyamu limaipanganso, ngakhale pafupi ndi khansa ya anabere imapezeka.

Wophunzira Chaka Chachinayi:
Zimenezo ndamva adokotala. Koma kuwola kuja sikusiyanitsa?

Wa ku Labu:
Ndiyankhe ine ameneyu chifukwa ndi zimene ndimaziona tsiku ndi tsiku. Mwanabere wa TB wokhwima ukamudula pakati, mumatuluka zoyera zachikasu pang'ono, zofumbutuka ngati choko chonyowa. Pa maikulosikopu pamalo pamenepo pamangooneka bii, popanda selo lamoyo, ndipo magiranuloma ake ndi osiyana misinkhu, ophatikanaphatikana, osalongosoka. A sakoidosisi ndi audongo, ang'onoang'ono, ozungulira bwino, ofanana ngati anawaumbira m'chikombole chimodzi, ndipo maselo owazungulira ndi ochepa. Ukaona kuwola kwambiri, maganizo amapita ku TB kapena fangasi, pamenepo palibe mkangano.

Vuto lili mbali inayo. Kusaona kuwola sikutsimikiza kuti si TB. Kuwola kumabwera pambuyo, giranuloma ya TB ikakhala yatsopano imakhala yosawola. Komanso ife timaona kagawo kochepa zedi ka mnofu, mwina singano kapena mpeni zinadutsa m'mphepete, chowola chili patsogolo pang'ono. Ndipo sakoidosisi nayo nthawi zina imakhala ndi kakuwola kochepa pakati. Ndiye pali odwala ena amene zithunzi zawo ndikaziika pamodzi, ine sindingalumbire.

Za `no AFB seen` zija ndiye musazidalire n'komwe. Kuti kachilombo ka TB kaoneke pa maikulosikopu m'makhololo pamafunika tizilombo pafupifupi 5,000 mpaka 10,000 pa mililita imodzi, pamene kalicha amatha kugwira ngakhale tili 10 mpaka 100. TB ya m'anabere imakhala ndi tizilombo tochepa kwambiri. Ndasakapo kwa theka la ola pa galasi limodzi osaona kanthu, patapita masabata atatu kalicha n'kumera.

Nachisale:
Ndiye kuti msuweni wathu akunena zoona?

Dokotala Wamapapo:
Theka lokha amayi. Akulakwitsa ponena kuti giranuloma iliyonse ndi TB. Koma mantha awo pa puledinisoloni ali ndi mutu. Mankhwala amenewa amagwetsa mpanda uja. Ngati mkatimo munalibe kachilombo, mpanda ukagwa munthu amapeza bwino. Ngati munali TB yamoyo, mwaitsegulira khomo, ndipo imatha kumwazikira mapapo onse mpaka ku ubongo. Choopsa china n'chakuti masabata oyamba wodwala wa TB amene wapatsidwa puledinisoloni amamva bwino ndithu, kutentha thupi kumatsika, chakudya amachifuna, aliyense n'kumati tapeza matenda. Zoona zake zimadzaoneka mochedwa.

Mukalakwitsa mbali inayo, kupatsa wa sakoidosisi mankhwala a TB, nakonso si kwaulere. Chiwindi chimatha kupweteka, ethambutolo amatha kuwononga maso, ndipo miyezi 6 imapita matenda enieni akupitirira. Koma kulakwitsa kumeneku kawirikawiri sikupha msanga ngati koyamba kuja. N'chifukwa chake timati sakoidosisi imafuna zinthu zitatu pamodzi, maonekedwe a matenda ogwirizana nayo, giranuloma yosawola, ndi kuchotsapo matenda ena amene angapange zomwezo. Chachitatuchi ndi chimene chatsala pa mlongo wanu.

Gogo Nesi:
Ine ndagwira ntchito mu wodi ya TB zaka zambiri, ndipo ndinene mosabisa, amene anamuyambitsa mankhwala a TB sindikuwadzudzula. Kumene TB ndi yochuluka, munthu wotsokomola wokhala ndi anabere otupa m'chifuwa nthawi zambiri imakhaladi TB. Ukamadikira umboni wonse, ena umawaika m'manda uli ndi pepala loyera m'manja. Koma chimene ndinaphunzira n'chakuti ukayambitsa mankhwala popanda umboni, pa miyezi iwiri uyenera kuima n'kudzifunsa. Thupi lakwera? Chifuwa chachepa? Chithunzi chasintha? Ngati zonse zili chimodzimodzi, osangopitiriza chifukwa khadi likunena miyezi 6.

Kamtedza:
Ndiye ngati mankhwala a TB sanagwire, si umboni wokwanira umenewo kuti si TB? Pepani ngati ndikufunsa zachibwana.

Dokotala Wamapapo:
Si zachibwana achimwene, funso limeneli ndi limene limatigawanitsa ngakhale ife. Ndi umboni, koma wosakwana, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, TB yosamva mankhwala nayonso sigonja ku mankhwala anayi oyamba aja. Chachiwiri, anabere a TB ndi amwano. Ena amachedwa kuphwa, ena amakula kumene munthu ali pakati pa mankhwala, ngakhale tizilombo tikufa, chifukwa chitetezo chikulimbana ndi zotsalira. Ndiye mwanabere wosaphwa payekha satiuza zambiri.

Mbali inanso imanyenga chimodzimodzi. Anthu ambiri a sakoidosisi amachira okha popanda mankhwala, makamaka amene ali ndi anabere otupa okha. Woteroyo ukamupatsa mankhwala a TB, n'kuchira pa nthawi yake, m'kaundula timalemba kuti TB yachizidwa. Palibe amene adzadziwe.

Komabe pa mlongo wa a Nachisale, taganizirani izi. Munthu wa TB yosamva mankhwala amene wakhala nayo chaka chathunthu popanda chithandizo choyenera, kawirikawiri sakhala monga analili. Amaonda, amatentha thupi, chithunzi chimaipa. Uyu wangoima pamodzimodzi. Chimenechi chimandikokera ku sakoidosisi.

Wophunzira Chaka Chachinayi:
Bwanji osangoyeza ACE m'magazi? Ikakwera nkhani yatha.

Wa ku Labu:
Siyatha mwanawe. ACE amapangidwa ndi maselo a giranuloma, ndipo maselowo safunsa kuti giranulomayo yabwera ndi chiyani. Mu TB amathanso kukwera. Odwala sakoidosisi ambiri ndithu amakhala naye wosakwera. Ndipo munthu akamamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi monga enalapilo kapena kaputopilo, zotsatira zimatsika, ndiye mutha kunamizidwa kawiri. Kashiamu ndi chimodzimodzi. Makirofeji a mu giranuloma amasandutsa vitamini D kukhala wamphamvu popanda wowaletsa, matumbo n'kumayamwa kashiamu wambiri. Zimachitika kwambiri mu sakoidosisi, koma mu TB zimachitikanso. Timayeza kashiamu makamaka kuti titeteze impso, osati kuti atiuze dzina la matenda.

Nachisale:
Nanga kubaya pamkono kuja? Anamubaya, anati abwere patatha masiku atatu, sipanatupe chilichonse. Analemba 0 mm.

Dokotala Wamapapo:
Kumeneko ndi kuyeza kwa Mantoux, amawerenga pakati pa maola 48 ndi 72. Kumathandiza pang'ono, ndipo m'njira yodabwitsa. Mu sakoidosisi maselo a chitetezo amakhala atakhamukira kumene kuli matenda, pakhungu n'kukhala zii, kotero ambiri satupa. Munthu wopanda HIV, wosaonda, wokhala ndi anabere akuluakulu a TB, nthawi zambiri amatupa ndithu. Ndiye 0 mm pa munthu ngati ameneyu ndi mwala wina pa sikelo ya sakoidosisi. Koma akanatupa, sizikanatanthauza kuti akudwala TB, zikanangotiuza kuti thupi linakumanapo nako kachilomboko. Kuyeza kwa m'magazi kwa IGRA nakonso kumanena zomwezo, kukumana osati kudwala. Anthu ochuluka padziko lapansi anakumana nako ndipo ali bwinobwino, ena mwa iwo n'kudzadwala sakoidosisi.

Amayi, ndifunsenso. Maso ake ali bwanji? Mtima umagunda modumphadumpha, kapena anakomokapo? Akumwa madzi kwambiri, kukodza pafupipafupi?

Nachisale:
Iii adokotala, mwandiopsa. Diso lakumanzere lakhala lofiira masabata atatu, akatuluka padzuwa amatsinzina akuti kuwala kukumulasa. Ife timati ndi fumbi. Madzi akumwadi kwambiri, usiku amadzuka katatu. Za mtima sanadandaulepo.

Dokotala Wamapapo:
Diso limenelo lisadikire mkangano wathuwu. Apite kwa dokotala wa maso sabata ino, akaliunike mkati ndi makina. Kufiira kopweteka koopa kuwala kutha kukhala kutupa kwa mkati mwa diso, ndipo kukachedwa kumasiya chilema. Ayezetsenso kashiamu ndi impso, ajambulitse mtima pa ECG ngakhale sakudandaula, chifukwa giranuloma ikamera pa njira ya magetsi a mtima nthawi zina chizindikiro choyamba chimakhala kugwa. Mapiritsi a vitamini D kapena a kashiamu ngati akumwa, aime kaye mpaka zotsatira zituluke. Ndipo ngati n'kotheka CT ya chifuwa.

Gogo Nesi:
Diso lotupa mkati ndinalionaponso mwa odwala TB, musaiwale. Ngakhale timabuluma tofiira topweteka ta pamsongolo tija, timene ophunzira amathamangira kunena kuti ndi sakoidosisi, TB imatulutsanso.

Dokotala Wamapapo:
Zoona agogo, n'chifukwa chake palibe chizindikiro chimodzi chimene ndingachiimire pa bwalo. Timabuluma timeneto tikabwera pamodzi ndi akakolo onse awiri otupa, kutentha thupi ndi anabere a mbali zonse ziwiri, timati ndi matenda a Löfgren, ndipo kumayiko kumene TB ndi yosowa ambiri safuna n'komwe kudula mnofu. Kumene TB ndi yambiri, ine ndimayezabe TB kaye.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi ndi yanga. Ine anandipeza ndi sakoidosisi zaka 9 zapitazo, ndinamwanso mankhwala a TB kaye ngati mlongo wanuyo, kawiri konse. Kachiwiri ndinachita chikasu, maso onse yelo, ndi pamene dokotala wina anati tiyeni tione bwino. Puledinisoloni anandithandiza, chifuwa chinatha m'mwezi umodzi. Koma achemwali konzekani, nkhope inatupa ngati mwezi, shuga anakwera, tulo kunalibe. Pamene ankachepetsa mankhwala matenda anabwereranso, mpaka anandisinthira ku methotirekiseti kamodzi pa sabata. Chimene sindinamvetse mpaka lero, akuti matendawa si opatsirana, nanga bwanji mwana wa mchemwali wanga nayenso anamupeza nawo?

Wophunzira Chaka Chachinayi:
Ine ndinawerenga kuti sakoidosisi ndi TB yomweyo, yangokhala yofooka. Mwina anapatsirana kachilomboko.

Dokotala Wamapapo:
Aphunzitsi, matendawa amayenda m'magazi a banja pang'ono, wachibale wa wodwala ali ndi mpata wokulirapo kuposa munthu wamba. Koma simunamupatsire ngati chimfine, ndipo palibe chifukwa chopatula makapu.

Za mwana wasukuluyu, pali choonadi chimene chapindika. Ofufuza anapezadi zidutswa za tizilombo ta mtundu wa TB, monga puloteni yotchedwa mKatG, m'minofu ya odwala ena a sakoidosisi. Ena, makamaka ku Japan, anapeza zizindikiro za bakiteriya wa pakhungu amene amakhudzana ndi ziphuphu. Maganizo amene ambiri ali nawo ndi akuti mwa munthu wa chibadwa china, zotsalira zosagayika za kachilombo kapena fumbi zimautsa chitetezo, chitetezocho n'kulephera kuzima. Koma chidutswa si kachilombo kamoyo. Umboni wosavuta ndi uwu, odwala sakoidosisi timawapatsa mankhwala ogwetsa chitetezo kwa zaka, ena mpaka infilikisimabu amene amatseka TNF, mankhwala odziwika bwino kuti amadzutsa TB yogona. Ikanakhala TB yamoyo, bwenzi onsewo ikuwayakira. M'malo mwake ambiri amapeza bwino.

Wa ku Labu:
Pamenepo adokotala ine ndimatsalira pang'ono. Odwala ena amayamba ndi TB yotsimikizika pa kalicha, amachira, patapita chaka n'kubwera ndi magiranuloma audongo opanda kachilombo. Ena amakhala nazo zonse ziwiri nthawi imodzi. Kunena kuti ndi matenda awiri osakhudzana konse, mtima wanga sukuvomera.

Dokotala Wamapapo:
Sindinati sakhudzana, ndati mankhwala ake ndi osiyana. Zinazo tizikangana mpaka tidzapume ntchito.

Nachisale:
Ndabweranso akuluakulu, papita masiku 12. Kwa dokotala wa maso anapezadi kutupa mkati mwa diso, ndipo akuti ndi maso onse awiri, lakumanja linali litayamba mwakachetechete. Anamupatsa mankhwala odontheza, kuwala kwasiya kumulasa. ECG ili bwino. Kashiamu analemba 2.82, impso akuti zikadali bwino. CT yaonetsa anabere mbali zonse ziwiri ofanana kukula, ndi timadontho ting'onoting'ono m'mapapo. Adokotala ake titawafunsa za kalicha sanakwiye, anavomera kuti zinaphonyeka, ndipo anamutumiza kukatenga zina ndi kachipangizo kolowetsa pakhosi. Ulendo uno ndinaonetsetsa, mabotolo anali awiri. GeneXpert yatuluka `MTB NOT DETECTED`. Kalicha akuti tidikire.

Dokotala Wamapapo:
Mwagwira ntchito amayi. Pa pepala la CT, taonani ngati alembapo za pakati pa anabere, ndi kumene timadonthoto tili.

Nachisale:
Alemba `no central necrosis`, `perilymphatic nodules along the fissures`, `no cavitation`.

Dokotala Wamapapo:
Mawu atatu onsewo akuloza njira imodzi. Anabere a TB kawirikawiri amakula mbali imodzi kuposa inzake, ndipo akathira mankhwala oonetsa bwino pa CT amaoneka akuda pakati, owala m'mphepete ngati mphete, chifukwa pakatipo pawola. A mlongo wanu ndi odzaza, ofanana uku ndi uku. Timadontho ta sakoidosisi timandanda motsatira njira za madzi a m'anabere, m'mbali mwa timipaipi ta mpweya ndi m'mizere yolekanitsa zigawo za mapapo, ngati mikanda pa ulusi. TB yoyenda m'mipaipi imaoneka ngati kanthambi kophuka masamba, yoyenda m'magazi imamwazika paliponse mosasankha, ndipo TB ya akuluakulu imakonda kuboola mphako kumtunda kwa mapapo. Kuno kulibe mphako.

Tsono tiwerenge zonse pamodzi. Chaka chathunthu osaonda, mankhwala a TB a miyezi 6 osasintha kanthu, khungu losatupa, magiranuloma osawola, maso onse awiri, kashiamu wodutsa malire a 2.6, chithunzi chotere, ndi GeneXpert ya mumwanabere mwenimwenimo yopanda kanthu. Chilichonse pachokha ndingachitsutse. Zonse pamodzi, ine ndikuti ndi sakoidosisi.

Wa ku Labu:
Ndiwonjezere kamodzi, kuti wina asadzasokonezeke. GeneXpert imafufuza DNA, siidziwa ngati kachilombo ndi kamoyo kapena kakufa. Munthu amene wangomaliza mankhwala a TB atha kutuluka ndi zotsatira zoti kapezeka, makamaka `trace`, kutanthauza kochepa zedi, pa GeneXpert ya mtundu wa Ultra, tizilombo titafa kale. Ndiye ikanatuluka choncho tikanakanganabe. Kutuluka yopanda kanthu kwatipeputsira, ngakhale m'anabere imaphonyako ena. Wonena mawu omaliza pa kachilombo kamoyo ndi kalicha, ndipo wa m'madzi timamusunga masiku 42 tisanalembe kuti sanamere.

Gogo Nesi:
Ndiye adikire masiku 42 amenewo asanayambe puledinisoloni. Diso likuthandizidwa kale ndi odontheza. Kuthamangira kuli kuti? Ine ndinaonapo mtsikana amene anapatsidwa mankhwala amenewa pa matenda amene ankati si TB, anabwera patatha miyezi iwiri khosi litauma, osazindikira anthu. Chithunzi chimenecho sichinandichoke.

Dokotala Wamapapo:
Agogo, akanakhala ndi anabere okha ndi kachifuwa, bwenzi ndikugwirizana nanu, mwinanso osamupatsa mankhwala n'komwe, kungomuyang'anira miyezi itatu iliyonse. Odwala ambiri otere safuna chithandizo. Chimene chikundikankha ndi kashiamu. 2.82 si wa ngozi ya lero, koma munthuyu akumva kale ludzu ndi kukodza usiku, ndipo kashiamu akakhalitsa pamwamba amapanga miyala ndi kuwononga impso. Ine ndikanayamba ndi mlingo wapakati, cha m'ma 20 mg patsiku, osati wokwera, n'kumuona pa masabata awiri alionse, sikelo, kutentha thupi, shuga, kashiamu. Akayamba kuonda, kutentha thupi kapena mutu wosatha, tiima n'kufufuzanso TB tsiku lomwelo. Kumbukiraninso kuti mtsikana wanu uja mwina sanamwepo mankhwala a TB, pamene uyu wamwa onse. Koma kudikira akumwa madzi ambiri, kupewa dzuwa lamphamvu ndi kuyeza kashiamu sabata iliyonse, sindinganene kuti n'kulakwa. Amene akumuona maso ndi maso ndi amene agamule.

Wophunzira Chaka Chachinayi:
Bwanji osangopereka zonse ziwiri, a TB ndi puledinisoloni, kuti mbali zonse zitsekeke?

Dokotala Wamapapo:
Zimachitika munthu akadwalika kwambiri moti sitingadikire, ndipo pa TB ya ku ubongo timaperekadi zonse ziwiri mwadala. Koma pa munthu woyenda yekha ngati uyu mumataya zambiri. Akachira simudziwa chamuchiza, ndiye matenda akadzabwerera mumayambiranso mumdima. Rifampisini, mmodzi mwa mankhwala a TB aja, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya puledinisoloni, mphamvu yake imatsika pafupifupi ndi theka, mlingo umene mwalemba si umene ukugwira ntchito. Ndipo kubwereza mankhwala omwe aja amene wamaliza kumene sikungaphe TB yosamva mankhwala, imene ndi yokhayo tikuiopa pano.

Gogo Nesi:
Pa zimenezo tagwirizana. Pa kudikira ndikadali pomwe ndinali.

Mphunzitsi Wopuma:
Achemwali, akadzayamba, muwauze azimwa m'mawa. Ine ndinkamwa madzulo mwezi wonse woyamba, ndinkangoyang'ana kudenga mpaka tambala. Ndipo asadzasiye mwadzidzidzi akamva bwino, amatsitsa pang'onopang'ono.

Nachisale:
Zikomo nonse. Tinapita dzulo, kashiamu wabwereza watuluka 2.79. Adokotala ake asankha kudikira masabata awiri ena akuyeza magazi Lolemba lililonse, akuti TB yambiri ikamamera pa kalicha wa m'madzi imaonekera m'masabata atatu oyamba, ndiye akafika pamenepo popanda kanthu ayamba mankhwala osadikira masiku onse 42. Kashiamu akadutsa 3.0 kapena impso zikasintha, ayamba tsiku lomwelo. Msuweni uja ndinamuwerengera zonsezi, wangoti tione kalichayo. Lero ndi tsiku la 9, ku labu akuti botolo likadali chete.